Chatiboti ya alimi ya pa WhatsApp: izidya zingati pamwezi? Zolemba za ntchito

Lolemba

Abwana akufuna nambala imodzi yokha basi, yoti akaionetse ku bodi: chatibotiyi ikayamba kugwira ntchito izidya ndalama zingati mwezi ndi mwezi. Za kupanga zija tinagwirizana kale, pano nkhani ndi ya bilu yomwe izibwerabe ife titachokapo. Boti yake ndi yoyankha alimi pa WhatsApp, mafunso a mbewu, feteleza, mankhwala a mbozi, mitengo ya m'shopu ndi nthawi yotsegulira madepoti.

Ndayamba ndi kuchuluka kwa mameseji chifukwa china chilichonse chikuchulukitsidwa ndi nambala imeneyi. Pa foni ya ku ofesi yomwe pano amayankhira pamanja, anthu olemba pamwezi ndi pafupifupi 1,200, ndipo munthu mmodzi amabwera kawiri pamwezi, nde makambirano 2,400. Pa kukambirana kumodzi munthu amatumiza mameseji ngati 5, kuwerengera ndi moni ndi zikomo zomwe. 2,400 kuchulukitsa ndi 5 ikubwera mameseji 12,000 pamwezi, kapena tinene 400 patsiku. Awa ndi a mwezi wamba, za nyengo yodzala ndiziona kumapeto.

Mitengo ndatenga ya mamodelo awiri a OpenAI, mapulogalamu omwe amalemba mayankho a boti, kuti tikhale ndi pansi ndi pamwamba. GPT-4o mini, yomwe inatuluka mu Julaye 2024, ndi $0.15 pa matokeni 1 miliyoni olowa ndi $0.60 pa 1 miliyoni otuluka. GPT-4o yaikulu ija ndi $2.50 olowa ndi $10 otuluka. Matokeni ndi tizidutswa ta mawu tomwe amawerengera polipiritsa, olowa ndi zonse zomwe ife tikutumiza kwa modelo, otuluka ndi zomwe yalemba poyankha. Pa onse awiri otuluka ndi okwera kanayi. Mitengoyi ndaiika m'mabokosi ake pa Excel osati mkati mwa fomula, poti makampaniwa amasintha mitengo komanso kutulutsa mamodelo atsopano pafupipafupi, nde tsiku losainira tidzangosintha manambala anayiwo.

Mnzanga yemwe tikupanga naye anali atawerengera kale pa kapepala. Meseji ya mlimi matokeni 50, yankho 200, kuchulukitsa ndi 12,000. Olowa 600,000, otuluka 2.4 miliyoni. Pa mini zinamupatsa $1.53 pamwezi, pa yaikulu $25.50, ndipo anali atasangalala kale kuti aa nde ndi zaulere izi. Ndamuuza asatumize kaye kwa abwana. Otulukawo ali bho, koma olowa 600,000 ndi ochepa moti sizingatheke, chifukwa zomwe mlimi walemba ndi kachidutswa kakang'ono chabe ka zomwe timatumiza.

Lachiwiri

Lero ndi tsiku loyeza matokeni, osati kungoganizira. Lamulo lomwe aliyense amatchula loti tokeni imodzi ndi zilembo ngati zinayi, kapena mawu 75 ndi matokeni 100, ndi la Chingerezi. Chodulira mawu cha mamodelowa chinaphunzira kwambiri pa Chingerezi, nde mawu wamba achingerezi ambiri amalowa athunthu ngati tokeni imodzi, pomwe liwu lathu ngati "sindinawathirebe" limaduliwa tizidutswa tingapo. Kuyeza kwake nkosavuta, GPT-4o ndi mini onse amagwiritsa ntchito o200k_base:

```python
import tiktoken
enc = tiktoken.get_encoding("o200k_base")
mawu = open("malangizo.txt", encoding="utf-8").read()
print(len(mawu.split()), len(enc.encode(mawu)))
```

Pa zolemba zathu ndikuwerengera matokeni atatu pa liwu limodzi la Chichewa. Ndakwezera dala pang'ono kuti masamu asavute komanso chifukwa alimi amalemba mofupikitsa ndi masipelo awoawo, ndipo liwu lolembedwa mwachilendo limaduliwa kwambiri. Wina akafuna kugwiritsa ntchito modelo ya kampani ina ayezenso, chodulira chake nchosiyana, nambala ya kuno singasamuke.

Nde zomwe zimapita kwa modelo pa meseji iliyonse ndi zinayi. Choyamba malangizo okhazikika aja, oti ndiwe ndani, uziyankha mwaulemu, usamatchule mlingo wa mankhwala womwe suli m'zikalata, ukalephera upereke nambala ya alangizi, ndi zitsanzo zingapo za mayankho abwino. Athu ndi mawu ngati 500 a Chichewa, matokeni 1,500. Chachiwiri ndi zidutswa za m'zikalata zomwe boti imakasaka malinga ndi funso, timatenga zitatu, chilichonse matokeni 300, pamodzi 900. Chachitatu funso lenilenilo, mawu 15, matokeni 45, ndaika 50 chifukwa meseji iliyonse imakhala ndi timatokeni towonjezera tosonyeza yemwe akulankhula. Chachinayi ndi mbiri ya zomwe zakambidwa kale, yomwe ndaisiyira mawa poti payokha ndi nkhani.

Osawerengera mbiri, meseji imodzi ndi 1,500 + 900 + 50, matokeni 2,450. Mlimi walemba 50, ife tatumiza 2,450. Ngakhale atangoti "moni bwana" boti imatumizabe malangizo onse aja.

Lachitatu

Modelo sikumbukira kanthu pakati pa meseji ndi inzake. Kuti izioneka ngati ikutsatira nkhani, pulogalamu yathu imatumizanso zonse zomwe zakambidwa, mafunso ndi mayankho omwe, nthawi iliyonse, ndipo zonsezo zimalipiridwa ngati olowa. Zili ngati kukwera minibasi yomwe siteji iliyonse kondakitala akukulipiritsanso katundu yense, pomwe siteji iliyonse ukuwonjezera thumba lina. Yankho lomwe tinalipira kale pa mtengo wa otuluka timalilipiranso pa mtengo wa olowa pa meseji yachiwiri, yachitatu, mpaka nkhani ithe.

Funso limodzi ndi yankho lake ndi 50 + 200, matokeni 250. Nde kukambirana kwa mameseji 5 kukuyenda chonchi: yoyamba 2,450, yachiwiri 2,700, yachitatu 2,950, yachinayi 3,200, yachisanu 3,450. Kuphatikiza zonse 14,750 olowa, otuluka 1,000. Zidutswa za zikalata sitizisunga mu mbiri, meseji iliyonse imasaka zake zatsopano zakale nkutayidwa, tikanazisunga bwenzi mbiri ikukula ndi 1,150 m'malo mwa 250.

Fomula yomwe ndaika ndi iyi, n ndi mameseji pa kukambirana kumodzi, S malangizo, R zikalata, u funso, a yankho, P_in ndi P_out mitengo ya olowa ndi otuluka pa 1 miliyoni:

```
olowa   = n*(S + R + u) + (u + a)*n*(n - 1)/2
otuluka = n*a
mtengo  = (olowa*P_in + otuluka*P_out) / 1000000
```

Pamwezi: 14,750 kuchulukitsa ndi 2,400 ndi 35.4 miliyoni olowa, otuluka akadali 2.4 miliyoni. Pa mini 35.4 × 0.15 ndi $5.31, kuwonjezera $1.44 ya otuluka, $6.75. Pa yaikulu 35.4 × 2.50 ndi $88.50, kuwonjezera $24, $112.50. Kapepala ka mnzanga kanali ndi $1.53 ndi $25.50, nde zenizeni zaposa kanayi. Komanso taonani mmene zatembenukira: pa kapepala ndalama pafupifupi zonse zinali ku otuluka, pano pafupifupi magawo anayi mwa asanu ali ku olowa, ngakhale olowa ndi otchipa kanayi. Kutanthauza kuti tikafuna kuchepetsa bilu tiyambe ndi zomwe tikutumiza ifeyo.

Pa 35.4 miliyoni ija, malangizo okha ndi 18 miliyoni, kuposa theka. Mawu 500 omwe tinalemba tsiku limodzi aja akuwerengedwa ka 12,000 pamwezi. Mzere uliwonse womwe a malonda akufuna kuwonjezera mu malangizo, ngati "uziwakumbutsa za pulomoshoni", uli ndi mtengo wake: matokeni 100 owonjezera ndi 1.2 miliyoni pamwezi, $3 pa yaikulu, masenti 18 pa mini. Sizoopsa, koma pano ndili ndi nambala yoti ndiziwauza akabwera ndi ndime yachisanu.

Lachinayi

Nambala ya 5 ija ikundivutitsa. Ndi avereji, ndipo mu fomula muli n*(n - 1), nde avereji singagwire bwino. Ndikayang'ana foni ya ku ofesi, anthu ambiri amafunsa chinthu chimodzi nkumapita, koma pali ena ochepa, makamaka ma agrodila ang'onoang'ono ndi atsogoleri a makalabu, omwe amafunsira mudzi wonse ndipo sasiya. Ndayesa kugawa mameseji 12,000 omwewo mwanjira yotere: makambirano 2,200 a mameseji atatu, omwe ndi 6,600, ndi makambirano 200 a mameseji 27, omwe ndi 5,400. Makambirano akadali 2,400, avereji ikadali 5.

Gawo lokhazikika silisintha, 12,000 × 2,450, 29.4 miliyoni. Mbiri nde yasintha. Wa mameseji atatu mbiri yake ndi 250 × 3, 750, kuchulukitsa ndi 2,200 ndi 1.65 miliyoni. Wa mameseji 27 ndi 27 × 26 kugawa ndi 2, 351, kuchulukitsa ndi 250, matokeni 87,750 munthu mmodzi yekha, anthu 200 ndi 17.55 miliyoni. Mbiri yonse 19.2 miliyoni pomwe dzulo inali 6 miliyoni. Olowa afika 48.6 miliyoni, bilu ya yaikulu $145.50, ya mini $8.73. Palibe meseji ngakhale imodzi yomwe yawonjezereka, yangosiyana ndi kagawidwe.

Ndipo pa WhatsApp pali vuto lina, palibe batani loyambira nkhani yatsopano. Kwa mlimi ndi ulusi umodzi kuyambira tsiku lomwe anasunga nambala. Pulogalamu ikapanda kudula, munthu wotumiza mameseji 10 pamwezi pakatha miyezi 6 ali ndi mafunso ndi mayankho 60 kumbuyo, matokeni 15,000 pa meseji iliyonse yatsopano, bilu izikwera mwezi ndi mwezi anthu ali omwewo. Chizindikiro chake nchimenecho: mameseji sakukwera koma matokeni olowa pa meseji imodzi akukwera. Modelo siidzadandaula msanga chifukwa onse awiri amalandira mpaka matokeni 128,000, nde palibe chomwe chidzasweke kutichenjeza.

Tagwirizana ziwiri. Pakadutsa maola 6 munthu osalemba, mbiri imayambira pa ziro. Ndipo mkati mwa kukambirana timangotumiza mafunso ndi mayankho anayi omaliza, malire matokeni 1,000. Wa mameseji 27 uja pano mbiri yake ndi 0, 250, 500, 750 kenako 1,000 ka 23, pamodzi 24,500 m'malo mwa 87,750. Anthu 200 ndi 4.9 miliyoni, kuwonjezera 1.65 ndi 29.4, olowa 35.95 miliyoni. Yaikulu $113.88, mini $6.83. Chomwe chandisangalatsa kwambiri nchoti pano tili ndi denga: palibe meseji yomwe ingapose matokeni 3,450 olowa, nde ngakhale zitavuta bwanji mameseji 12,000 sangadutse 41.4 miliyoni. Bajeti yokhala ndi denga nde yomwe ndingaisainire.

Kudulaku kuli ndi mtengo wake ndithu. Mlimi akanena kumayambiriro kuti munda wake ndi maekala awiri ndipo wadzala chimanga cha haibulidi, pofika meseji yachisanu ndi chiwiri boti yaiwala, nkumufunsanso. Mnzanga akuti tizisunga kamzere kamodzi ka mfundo, mbewu, kukula kwa munda ndi boma, matokeni mwina 40, kazipita limodzi ndi funso. Ndavomera, nkotchipa kuposa kubweza mbiri yonse.

Lachisanu

Mmawa wonse wapita pa funso loti malangizo akhale m'Chichewa kapena m'Chingerezi. Mawu 500 a Chingerezi ndi matokeni ngati 670, athu a Chichewa 1,500, kusiyana 830 pa meseji, pafupifupi 10 miliyoni pamwezi, $24.90 pa yaikulu. Poyamba zikuoneka zachidziwikire. Koma pali kuchotsera komwe OpenAI anayamba mu Okutobala 2024: ngati chiyambi cha zomwe watumiza nchofanana ndendende ndi chomwe unatumiza posachedwa, ndipo chikufika matokeni 1,024, gawo lofananalo pa mamodelo awiriwa umalipira theka. Amawerengera kuyambira 1,024 nkumakwera ndi 128, nde pa 1,500 athu omwe angachotseredwe ndi 1,408. Theka lake 704, kuwonjezera 92 otsala, zili ngati talipira 796. A Chingerezi aja pa 670 okha safika pa 1,024, salandira kuchotsera, koma 670 ndi yochepabe kuposa 796. Nde Chingerezi chikupambanabe koma ndi pang'ono, osati 830 uja.

Kuchotserako sikodalirika kwenikweni. Zosungidwazo zimafufutika pakangodutsa mphindi 5 mpaka 10 popanda wozigwiritsa ntchito. Masana ndi mameseji 400 patsiku pamabwera imodzi mphindi ziwiri zilizonse, zimakhalabe zamoyo, koma usiku ndi mmamawa ayi. Komanso chiyambi chikasiyana ndi chilembo chimodzi chokha zonse zagwa. Mu fayilo yathu mzere woyamba weniweni unali wa tsiku ndi nthawi, womwe umasintha mphindi iliyonse, nde ndausamutsira kumapeto pafupi ndi funso. Dongosolo pano ndi malangizo, kenako mbiri, kenako zikalata ndi nthawi, funso pomaliza. Kuti udziwe ngati zikugwira umayang'ana mu yankho la API:

```python
u = resp.usage
print(u.prompt_tokens, u.completion_tokens,
      u.prompt_tokens_details.cached_tokens)
```

Ikamangobwera 0 pa `cached_tokens` masana dzuwa lili pamutu, ndiye kuti pali chinachake chikusintha kumayambiriro.

Maganizo anga: malamulo tilembe m'Chingerezi, zitsanzo za mayankho zikhale m'Chichewa, chifukwa zitsanzozo nzomwe zimathandiza kuti boti isamayankhe Chichewa chomasulira chomwe mlimi sangachimve. Koma mu bajeti ndasiya 1,500 yomweyo ndipo kuchotsera sindinakuwerengere nkomwe. Kukabwera ndi phindu lathu, kukapanda kubwera palibe wodabwa.

Loweruka, pang'ono chabe

Ndatsegula malogi a gulu loyesera, alangizi athu ndi alimi ochepa. Zinthu ziwiri zomwe pa Excel sizimaoneka.

Anthu salemba funso pa meseji imodzi. Amayamba "Moni", kenako "muli bwanji", kenako "ndili ndi funso", kenako funso, kenako "ndi chimanga", zonse mkati mwa theka la mphindi, ndipo boti imayankha iliyonse payokha ndi malangizo onse 1,500 aja. Kupatula ndalama, zimasokonezanso, mayankho amapingasana. Taika kuti izidikira masekondi 8 meseji ikafika, ikabwera ina iziphatikiza. Za "zikomo" nazonso: ikabwera ngati meseji yachisanu ndi yokwera mtengo kuposa zonse, 3,450, ndipo makambirano onse 2,400 atathera choncho ndi 8.28 miliyoni, $20.70 pa yaikulu, kungoti ayankhidwe kuti zikomo nanunso. Moni ndi zikomo zopanda funso tiziyankha ndi mawu okonzeratu osapita kwa modelo. Mndandanda wake ukufunika kusamala, "zikomo koma nanga ya chitowe ilipo" ndi funso limenelo.

Chachiwiri, mayankho ena akutalika kuposa 200, makamaka funso likakhala la matenda a mbewu, modelo imakonda kuyala mfundo zisanu ndi mawu otsanzika. Mayankho atakhala 350 m'malo mwa 200, otuluka ndi 4.2 miliyoni, $42 m'malo mwa $24 pa yaikulu, ndipo mbiri nayo imanenepa chifukwa funso ndi yankho zakhala 400. Kungotsitsa `max_tokens`, malire a matokeni a yankho, sikuthetsa, kumangodula yankho pakati pa chiganizo, ndipo umazindikira poona `finish_reason` ili `length`. Tangoganizani yadukira pa "thirani mamililita" mlimi ali ndi sipuleya kumsana. Nde mu malangizo talemba kuti isapyole mawu 60, `max_tokens` taisiya pa 400 ngati chotchinga chabe, ndipo logi iziwerenga kangati kadukira.

Lolemba linalo

Pali kuyitana kwina kwa modelo komwe sikunali mu fomula. Zikalata zambiri za mankhwala ndi mbewu zili m'Chingerezi, nde tisanasake timayamba tatembenuza funso la mlimi kupita m'Chingerezi, ndipo kumeneko ndi kuyitana kwina pa meseji iliyonse. Timagwiritsa mini, olowa ngati 250, otuluka 30. Pamwezi 3 miliyoni ndi 360,000, $0.45 ndi $0.22, pamodzi $0.67. Nzochepa, koma ndazilemba pa mzere wake chifukwa wina akadzasintha dzina la modelo malo onse nkuika yaikulu, kamzere kameneka kadzakhala $11. Kusandutsa funso kukhala manambala osakira ndi text-embedding-3-small ndi $0.02 pa miliyoni, sikufika ngakhale masenti awiri pamwezi, ndangokusiya.

Zomwe zandidabwitsa ndi njira yofikira pa WhatsApp. Mlimi akayamba kulemba yekha, Meta, eni ake a WhatsApp, salipiritsa mayankho omwe atumizidwa mkati mwa maola 24, ndipo boti yathu ntchito yake ndi imeneyo basi. Koma tikadutsira kwa Twilio, kampani yolumikiza mapulogalamu ndi WhatsApp, monga tinkaganizira, iwo amatenga $0.005 pa meseji iliyonse, yolowa ndi yotuluka yomwe. Mameseji 12,000 olowa ndi 12,000 otuluka, 24,000 × 0.005, $120 pamwezi. Kuposa bilu ya modelo yaikulu yomwe takhala tikulimbana nayo sabata yonse. Kwa wina yemwe akufuna kuyamba msanga ndi mameseji ochepa ndi njira yabwino, kwa ife ayi, tilumikiza mwachindunji pa Cloud API ya Meta ngakhale kutsimikizira bizinesi kumatenga nthawi. Mameseji omwe ife tingayambitse, ngati zokumbutsa ndi zotsatsa, amalipiridwa paokha, ndawauza a malonda kuti imeneyo ikhale bajeti yawo. Seva ndaika $6, kamakina kakang'ono ka 1 GB kakukwana poti ntchito yolemetsa sikuchitikira kwathu.

Lachiwiri

Funso lotsala ndi la modelo iti. Kusiyana kwa $6.83 ndi $113.88 nkwakukulu, pafupifupi ka 17, koma alangizi omwe anawerenga mayankho akuti pa mitengo, maola ndi malo a madepoti mini ilibe vuto, pomwe pa matenda ndi kasakanizidwe ka mankhwala Chichewa chake chimapotoka ndipo nthawi zina imaphonya zomwe mlimi akufotokoza. Nde tigawa: mafunso a matenda ndi mankhwala azipita ku yaikulu, ena onse ku mini. Kusankhako kuzichitikira pa kuyitana kotembenuza funso kuja, kazingowonjezera liwu limodzi losonyeza mtundu wa funso, osafunika kuyitana kwachitatu. Ndayerekeza kuti 15 pa 100 azipita ku yaikulu. 0.85 × 6.83 ndi 5.81, 0.15 × 113.88 ndi 17.08, pamodzi $22.89.

Nambala ya 15 imeneyi nde yofooka kuposa zonse mu fayilo. Iliyonse imodzi yowonjezera pa 100 ndi dola imodzi ndi masenti 7, nde mbozi zikabuka mu Januwale nkufika 40 pa 100 tili pa $50 mameseji asanawonjezereke nkomwe. Komanso mafunso ovutawo ndi omwe amakhala ndi mayankho aatali ndi makambirano aatali, nde 15 pa 100 ya mameseji ikhoza kukhala 20 pa 100 ya matokeni. Ndipo ku yaikulu kuzingopita mameseji 60 patsiku, otalikirana, kuchotsera kwa theka kuja kuzigwira mwa apo ndi apo, chifukwa chinanso chosakuwerengera.

Mwezi wamba ukubwera chonchi: $22.89 mayankho, $0.67 kutembenuza, $6 seva, $29.56. Ndawonjezera kotala pamwamba chifukwa cha kuyesa kwathu, mameseji obwerezedwa netiweki ikavuta ndi 15 uja, yafika $37. Nyengo yodzala, Okutobala mpaka Disembala, a ku ofesi akuti foni imalira katatu kuposa masiku onse, nde za modelo kuchulukitsa katatu, $70.68, seva yomweyo, $76.68, ndi kotala ija $96.

Lachinayi

Ndakhala ndi mayi a ku akaunti. Funso lawo loyamba linali loti "nanga mu makwacha ndi zingati, achimwene?" Pa mtengo wa kubanki wa pafupifupi K1,750 pa dola, $37 ndi K64,750, $96 ndi K168,000. Ndawapempha kuti mu bajeti mukhale madola, makwacha akhale pambali ngati chongoonetsa. Mu Novembala 2023 kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti tsiku limodzi, bilu ya madola ikanakhalapo nthawi imeneyo ikanadumpha mameseji ali omwewo. Iwo anawonjezera zomwe ine sindinaike, kuti banki imadula zake pa kulipira kwa kunja ndipo kupeza madola pa khadi sikuti umangofuna lero nkupeza lero.

Zimenezi zikukhudza kalipiridwe. Akaunti ya API ndi yolipiriratu, umagula ndalama zogwiritsa ntchito, zikatha boti imangoima ndi 429 `insufficient_quota`, mlimi osalandira kanthu. Zomwe wagula zimatha mphamvu pakatha chaka, nde kugula za zaka ziwiri nkutaya. Chaka chonse ndi miyezi 9 pa $37 ndi itatu pa $96, $621, mwa zimenezi gawo la seva limalipiridwa kwina. Tagwirizana kugula kawiri, kamodzi poyamba, kachiwiri mu Seputembala nyengo isanayambe, osadikira kuti ithe kaye. Mayiwo akufunanso malire pa munthu mmodzi, ndipo akunena zoona, nambala imodzi yotumiza mameseji 500 usiku umodzi, kaya ndi mwana akusewera ndi foni kaya ndi boti inzake, singatsekedwe ndi denga la mbiri lija. Taika mameseji 40 patsiku pa nambala, ikakwana imauzidwa kuti iyimbire alangizi.

Zomwe zapita kwa abwana ndi $37 mwezi wamba, $96 nyengo yodzala, ndi mzere umodzi wonena kuti zikudalira mameseji 12,000, malangizo osapyola matokeni 1,500 ndi 15 pa 100 ku modelo yaikulu. Mnzanga akumaliza tebulo losunga `prompt_tokens`, `completion_tokens`, `cached_tokens`, dzina la modelo ndi nambala ya meseji mu kukambirana, pa kuyitana kulikonse. Sabata yoyamba ikatha ndidzagawa olowa onse, kupatula a kutembenuza, ndi chiwerengero cha mameseji, ikuyenera kubwera pafupi ndi 3,000. Ikaposa 3,450 ndiye kuti kudula mbiri sikukugwira kapena zikalata zikubwera zoposa zitatu. Ndidzafananizanso ndi tsamba la Usage la OpenAI, zikasiyana kwambiri ndiye kuti pali kuyitana kwina komwe sitikukulemba. Za mavoisi noti sitinazikhudze, alangizi akuti alimi ambiri amakonda kulankhula kuposa kulemba, ndipo kusandutsa mawu kukhala zolemba kumalipiridwa pa mphindi osati pa tokeni, whisper-1 ndi $0.006 pa mphindi, nde izifuna fomula yake komanso kuyesa kaye ngati ikumva Chichewa. Ndiyamba ndi kuwerenga kuti pa foni ya ku ofesi mavoisi noti ndi angati ndipo amatalika bwanji.